Lipoti likuti ndalama za madona zatsala K18 miliyoni, kubanki kuli K9 miliyoni: muyambire pati?

Sabata yoyamba ya Okutobala, Januwale, Epulo ndi Julaye foni yanga siigona. Ndi nthawi yomwe mabungwe omwe si aboma amakhala akutseka kotala, ndipo anzanga owerengera ndalama amaimba ndi mawu pafupifupi amodzimodzi: "Achimwene, lipoti la dona ndamaliza, likuti ndalama zatsala zakuti, koma kubanki kulibe ndalama zoterozo. Bwana akundiyang'ana ngati ndaba."

Nthawi zambiri palibe amene waba. Koma kusaba sikutanthauza kuti zinthu zili bwino. Ndifotokoza za bungwe lina laling'ono la muno mu Lilongwe lomwe ndinalithandiza kufufuza vutoli. Dzina lake sinditchula, ndipo manambala ndawasalaza kuti asavute kutsatira.

Thumba si akaunti ya kubanki

Kutchalitchi zimenezi timazidziwa bwino. Chopereka cha Lamulungu akuluampingo amatha kugulira magetsi, kulipirira mlonda kapena kukonzera mabenchi, monga aonera. Koma ndalama zomwe akhristu asonkha kuti zimange nyumba ya abusa ndi za nyumba ya abusa basi, ngakhale msungichuma ataziika mu akaunti imodzi ndi chopereka chija. Zoyambazo ndi thumba lomasuka, zachiwirizo ndi thumba lomangidwa. M'malipoti a odita ndi pa kompyuta mudzaona mitu yake italembedwa `Unrestricted` ndi `Restricted`.

Chimene chimamanga ndalama ndi mawu a woperekayo, osati maganizo a bungwe. Mawuwo angakhale mu kontirakiti, m'kalata, ngakhalenso mu uthenga umene munalengeza popempha thandizo. Mukauza anthu kuti mukusonkhetsa za okhudzidwa ndi madzi osefukira, zonse zobwera pa pempholo zamangidwa. Koma bodi ikagwirizana kuti ipatule K5,000,000 pa ndalama za bungwe lenilenilo kuti idzagulire galimoto, ndalamazo zikadali zomasuka, chifukwa bodi yomweyo ikhoza kukhalanso pansi mawa n'kusintha. Ambiri amalakwitsa apa, amaika zopatula za bodi pamodzi ndi za madona.

Tsono thumba ndi chiwerengero cha m'mabuku: zomwe zinatsala kale, kuphatikiza zomwe zalowa, kuchotsa zomwe zagwiritsidwa ntchito mogwirizana ndi kontirakiti. Akaunti ya kubanki ndi malo chabe osungirako ndalama. Ziwirizi sizifanana kawirikawiri, ndipo ntchito yathu ndi kufotokoza kusiyanako mpaka tambala yomaliza.

Mmene zinalili pa 30 Seputembala

Bungweli linali ndi akaunti imodzi ya makwacha. Dona woyamba, ndimutcha A, amalipira ntchito yokonza mijigo ku Malingunde. Dona B amalipira maphunziro a magulu a banki mkhonde ku Mitundu. Lipoti la A linkasonyeza kuti kwatsala K13,250,000, la B K5,000,000. Pamodzi K18,250,000. Kubanki, atachotsa kale macheke omwe anali asanatapidwe, kunali K9,400,000. Kusiyana kwake K8,850,000.

Dayirekita wake, mayi wachikulire wodziwa bwino ntchito ya kumudzi, anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ndiye kuti K8 miliyoni yapita kuti?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, tisanafunse kumene yapita, tiyambe taona ngati yonseyo yasowadi."

Choyamba n'kutsimikiza kuti manambala a malipotiwo akuchokeradi m'mabuku. Zikumveka zachibwana, koma mabungwe ambiri amalemba lipoti la dona pa pepala lake la Excel lomwe silikhudzana ndi leja, ndiye pakapita miyezi ziwirizi zimayenda njira zosiyana. Ngati mumagwiritsa ntchito QuickBooks ndipo thumba lililonse munalipatsa `Class` yake, tulutsani `Profit and Loss by Class` n'kuyang'ana danga lolembedwa `Unclassified` kapena `Not specified`. Chilichonse chomwe chili mmenemo ndi ndalama yopanda mwini, ndipo iyenera kupatsidwa thumba musanapitirire. Ngati mabuku anu ali mu Excel, mzere uliwonse ukhale ndi dzina la thumba. Tinene kuti dzinalo lili m'danga C, zolowa mu F, zotuluka mu G:

```
=SUMIFS(F:F,C:C,"A")-SUMIFS(G:G,C:C,"A")
```

Mukaphatikiza ndi zotsala za kotala yapitayo, yankho lifanane ndi la lipoti. Kwa anzathuwa linafanana, choncho tinadziwa kuti vuto silili pa kalembedwe ka lipoti.

Ndalama zomwe zilipo koma sizili kubanki

Kenako tinayamba kusaka chuma cha bungwe chomwe sitetimenti ya banki siisonyeza. M'kabokosi ka ndalama zogulira tinthu ting'onoting'ono munali K150,000. Imeneyo siivuta, mumangowerenga.

Yaikulu inali ya maadivansi. Ogwira ntchito atatu anatenga ndalama zopitira ku Malingunde, za mafuta, za amisiri a mijigo ndi za chakudya cha pamisonkhano, ndipo anali asanabweze malisiti a K2,600,000. Ndalama imeneyi inatuluka kubanki, koma siinalowe mu lipoti la dona, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa adivansi si ndalama yogwiritsidwa ntchito mpaka malisiti atabwera. M'mabuku imakhala ngongole ya wogwira ntchitoyo ku bungwe. Chofunika apa n'kuyang'ana msinkhu wa adivansi iliyonse. Ya masabata awiri sindida nayo nkhawa. Ya miyezi inayi, mwini wake akadali kunena kuti malisiti ali m'chikwama china kunyumba, imeneyo ndimayamba kuiwerengera ngati yotayika. Apa zonse zinali za mu Seputembala momwemo.

Kunalinso dona wachitatu, C, amene kontirakiti yake imati bungwe liyambe lagwiritsa ntchito ndalama zake, iye adzabweze akalandira malisiti. Bungwe linali litawononga kale K3,000,000 pa ntchito ya C. Popeza kontirakiti inali yosainidwa ndipo zogulidwazo zinali m'bajeti yake, ndalamayi tinaiwerengera ngati ngongole yomwe C adzabweze. Kontirakiti ikanakhala yosasainidwa, kungoti munthu wa ku ofesi ya dona ananena pafoni kuti "yambani, zikubwera", sindikanailola. Lonjezo la pafoni odita saliwerengera, ndipo ndalamayo ikanagwera thumba lomasuka.

Apa nkhope zinayamba kuwala, chifukwa tinali titapeza K5,750,000. Koma pali mbali ina yomwe anthu amaiwala, ndipo imakoka mobwerera. Kubanki kumakhalanso ndalama zomwe si zanu ngakhale pang'ono. Msonkho wa PAYE wa malipiro a Seputembala umakhala usanapite ku MRA, poti tsiku lomaliza ndi pa 14 mwezi wotsatira. Chimodzimodzi msonkho womwe munadula kwa ogulitsa katundu, ndi ndalama za penshoni, 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wogwira ntchito. Zonsezi zinalowa kale m'malipoti ngati zogwiritsidwa ntchito, koma ndalama yake ikadali mu akaunti, ikukometsa sitetimenti. Zinakwana K1,100,000.

Tsopano kuwonkhetsa. Kubanki K9,400,000, m'kabokosi K150,000, maadivansi K2,600,000, ngongole ya C K3,000,000, zonse pamodzi K15,150,000. Kuchotsapo K1,100,000 ya eni ake, chuma chenicheni cha bungwe chinali K14,050,000. Za madona A ndi B zokha ndi K18,250,000. Ndiye kuti thumba lomasuka silinali lopanda kanthu chabe, linali pansi pa ziro ndi K4,200,000.

Limeneli ndiye dzenje lenileni. Lamulo lake ndi losavuta: chuma chonse cha bungwe, mutachotsa ngongole zake, chiyenera kufanana ndi matumba onse pamodzi. Omangidwa akaposa chuma chonsecho, ndiye kuti bungwe ladya ndalama za madona pa zinthu zake.

Ndiwonjezere chimodzi chomwe dayirekita uja sanakonde kumva. Ngakhale K3,000,000 ya C idzabwere, pa tsikulo inali itatengedwa m'ndalama za A ndi B, chifukwa bungwe linalibe zake zoti liyambire ntchitoyo. A akanati atumize munthu kudzaona ndalama zake pa 30 Seputembala, kuperewera kukanakhala K7,200,000, ngakhale maadivansi aja atawerengedwa ngati ndalama zomwe zilipo. Makontirakiti ambiri amaletsa kubwereketsa ndalama za pulojekiti ina ku inzake, ngakhale kwa sabata imodzi.

Dzenjelo linakumbika bwanji

Titalekanitsa thumba lomasuka palokha, nkhani inaoneka poyera. Pa 1 Julaye munali K800,000. M'miyezi itatu munalowa K600,000 yobwereketsa holo ndi zopereka za mamembala. Munalowanso gawo lomwe madona amalola kuti lithandize kuyendetsa ofesi, lomwe timalitcha ovahedi. Makontirakiti onse awiri ankalola 7 peresenti ya zomwe zagwiritsidwa ntchito, mlingo womwenso umapezeka kawirikawiri m'makontirakiti a European Union. A anagwiritsa ntchito K25,000,000, ovahedi yake K1,750,000. B K5,000,000, ovahedi yake K350,000.

Onetsetsani mawu akuti zomwe zagwiritsidwa ntchito. Ovahedi siwerengeredwa pa ndalama zomwe dona watumiza. A anatumiza K36,000,000, ndipo dayirekita m'mutu mwake ankawerengera 7 peresenti ya imeneyo. Ntchito ya kumudzi ikachedwa, kaya chifukwa cha mvula kaya mafuta asowa m'mafilingi siteshoni, ovahedi imachepa, koma lendi ya ofesi siidikira.

Zonse zomwe thumba lomasuka linali nazo zinali K3,500,000. Zotuluka zinali K7,700,000: lendi K2,400,000, magetsi, madzi, alonda ndi intaneti K900,000, kukonzetsa galimoto K800,000, ndipo chachikulu, malipiro K3,600,000 a anthu awiri omwe pulojekiti yawo inatha mu Juni. Bungwe linawasunga poyembekezera kuti dona wawo abweranso. Mtima wake ndi wabwino, ndipo inenso sindikonda kuona munthu wa ana akuchotsedwa ntchito. Koma palibe anakhala pansi kufunsa kuti malipirowo achokera m'thumba liti. Mwezi ukatha ankangoyang'ana kubanki, n'kuona kuti ndalama zilipo, n'kulipira.

Chifukwa chake bodi sinaone kanthu

Bodi inkalandira tsamba limodzi la zolowa ndi zotuluka, zonse m'danga limodzi. Kupatula za C zomwe zolowa ndi zotuluka zake n'zofanana, kotala imeneyo zolowa zinali K44,950,000, zotuluka K37,700,000, zotsala K7,250,000. Wapampando anayamikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manambala omwewo titawaika m'madanga atatu anaoneka motere, ndipo chizindikiro chochotsera chikusonyeza zotuluka kapena kuperewera:

| | Lomasuka | A | B | Zonse |
|---|---|---|---|---|
| Zotsala pa 1 Julaye | 800,000 | 4,000,000 | 2,000,000 | 6,800,000 |
| Zolowa | 600,000 | 36,000,000 | 8,350,000 | 44,950,000 |
| Zotuluka | -7,700,000 | -25,000,000 | -5,000,000 | -37,700,000 |
| Zosamutsa za ovahedi | 2,100,000 | -1,750,000 | -350,000 | 0 |
| Zotsala pa 30 Seputembala | -4,200,000 | 13,250,000 | 5,000,000 | 14,050,000 |

Danga lakumapeto ndi lomwe bodi inkaona. Danga loyamba ndi lomwe inkafunika kuona: thumba la bungwe linatsika ndi K5,000,000 m'miyezi itatu. Mzere wa zosamutsa uyenera kuthera pa ziro nthawi zonse, chifukwa ndi ndalama yongochoka m'thumba lina kulowa m'linzake. Ukapanda kuthera pa ziro, ovahedi mwailemba mbali imodzi yokha, kapena mwaiwerengera kawiri ngati ndalama yatsopano.

Chenjezo lina pa tebulo ngati ili: musaphatikize madona onse m'danga limodzi musanaone aliyense payekha. Dona wina akakhala ndi zotsala K10,000,000, wina mwamupitirira bajeti ndi K2,000,000, danga lophatikiza lidzati K8,000,000, ndipo lidzabisa zoti woyambayo akufunabe K10,000,000 yake yonse. Thumba lomangidwa likapita pansi pa ziro, pali njira ziwiri zokha. Ngati kontirakiti ikutsimikiza kuti ndalama zina zikubwera, ndi ngongole yoyembekezera. Ngati sikutero, thumba lomasuka ndi lomwe likwirire, ndipo kusamutsako kuoneke pa mzere wake.

Malipoti atatu a ndalama imodzi

Chomwe chimasokoneza ongoyamba ntchitoyi n'chakuti ndalama imodzimodziyo imalembedwa mosiyana kutengera wolandira lipoti.

Dona amafuna za thumba lake lokha: bajeti mzere ndi mzere, zomwe zapita pa mzere uliwonse, ndi zotsala. Amatsata chaka cha pulojekiti yake, chomwe sichiyenera kufanana ndi chaka cha bungwe, ndipo nthawi zambiri amafuna lipotilo mu ndalama ya kwawo. Za thumba lomasuka sizimukhudza. Bodi imafunika tebulo ngati lili pamwambali. Ndiye pali malipoti a pachaka omwe odita amasaina, omwenso amapita ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma lomwe linalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022.

Pa malipoti a pachakawa mudzakumana ndi njira ziwiri, ndipo muyenera kudziwa yomwe bungwe lanu limatsata. Njira yoyamba ndi ya tebulo lija: ndalama ya dona imalembedwa yonse ngati yolowa m'danga la zomangidwa, ndipo yotsala imaoneka m'munsi mwa tsamba la chuma ndi ngongole ngati thumba lomangidwa. Mabungwe omwe likulu lawo lili ku Britain amazolowera imeneyi. Aku America nawonso amagawa pawiri, chuma chokhala ndi malamulo a dona ndi chopanda malamulowo. Vuto la njirayi n'lakuti dona akatumiza ndalama mu Disembala za ntchito ya chaka chamawa, chaka chino chimaoneka cha phindu lalikulu, chamawa n'kuoneka cholowa pansi, pomwe palibe chasintha.

Njira yachiwiri, yomwe odita ambiri otsata IFRS, malamulo a m'mayiko ambiri olembera malipoti a ndalama, amaikonda, imati ndalama ya dona isalembedwe ngati yolowa mpaka itagwiritsidwa ntchito. Yosagwiritsidwa ntchito imakhala pakati pa ngongole, pa mzere wa `Deferred income`. Tikatengera njirayi bungwe lathu lija, zolowa zikhala K600,000 kuphatikiza K26,750,000 ya A ndi K5,350,000 ya B, pamodzi K32,700,000. Zotuluka ndi zomwe zija, K37,700,000. Yankho ndi kuperewera kwa K5,000,000, ndipo K18,250,000 ikukhala ngati ngongole. Ndi choonadi chomwe chija chavala malaya ena. Ine kwa bungwe laling'ono lopanda madanga a matumba ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa bodi singasangalale ndi phindu lomwe kulibe. Choipa ndi kusakaniza, dona wina njira iyi, wina njira inayo, kapena kusintha chaka ndi chaka kuti manambala akome.

Kusiyana kwina kumabwera ndi katundu wokhalitsa. Mukagula njinga yamoto ndi ndalama za dona, lipoti lake limaonetsa mtengo wonse ngati wogwiritsidwa ntchito mwezi womwewo, pomwe malipoti a pachaka amaiika ngati katundu n'kumachotsera mtengo pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Mukamayerekeza matumba ndi ndalama monga tachitira pamwambapa, katundu wotere muikeni pambali, apo ayi njinga idzaoneka ngati ndalama yolipirira malipiro.

Ngati ndalama za dona zili mu madola

Bungwe lathuli linali ndi makwacha okha, koma ambiri mu Lilongwe ali ndi akaunti ya ndalama zakunja, ndipo kumeneko vutoli limabwera ndi nkhope ina: kubanki kumapezeka zambiri kuposa za m'lipoti. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bungwe lomwe linali ndi madola 10,000 a dona linagona ndi K11,800,000 n'kudzuka ndi K17,000,000. K5,200,000 yapamwambayo ena anaitenga ngati mphatso ya ofesi. Si mphatso. Dona amawerengera madola ake, ndipo kwa iye akadali 10,000 omwewo. Phindu lotere limatsata thumba lomwe labala, chimodzimodzi chiwongoladzanja cha kubanki, pokhapokha kontirakiti itanena zina. Werenganinso ndime yonena za mtengo wosinthira: ena amafuna mtengo wa tsiku lomwe ndalama inasinthidwa, a European Union nthawi zambiri amatchula mitengo yawo ya pamwezi ya InforEuro. Mukagwiritsa ntchito mtengo wina m'mabuku, wina mu lipoti, padzakhala kusiyana komwe simudzakupeza mu lisiti lililonse.

Kukwirira dzenje

Funso loyamba la aliyense limakhala lakuti, "Sitingakankhireko zina ku pulojekiti?" Yankho langa n'lakuti zina inde, ngati zili zakedi. Ndimafunsa zinthu zitatu: bajeti ya dona ili ndi mzere wake? Zinachitika m'nthawi ya kontirakiti? Pali umboni womwe unalembedwa pa nthawiyo? Bajeti ya A inali ndi mzere wokonzetsera galimoto molingana ndi makilomita, ndipo logibuku ya dalaivala inasonyeza kuti makilomita 60 pa 100 aliwonse anali a ku Malingunde. Choncho K480,000 pa K800,000 ija inasamukira kwa A mwachilungamo, n'kubweretsanso ovahedi ya K33,600. Dzenje linatsika kufika pa K3,686,400, ndipo zotsala za A zinakhala K12,736,400. Lipoti linali lisanatumizidwe, tinangolikonza.

Malipiro a anthu awiri aja ndinakana. Wina anati tingowalembera mathayimushiti osonyeza kuti ankagwira za mijigo. Mapepala olembedwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi odita amawazindikira asanakhale n'komwe pampando, ndipo pamenepo nkhani imachoka pa kusasamala kupita pa chinyengo. Ndalama yomwe dona waikana imabwerera ku thumba lomasuka lomwelo, nthawi zina patapita zaka ziwiri, pulojekiti itatsekedwa kale.

Chachiwiri chomwe anthu amadzinamiza nacho ndi gawo lotsatira la ndalama za dona. Likafika, kubanki kumadzaza, aliyense n'kupuma. Koma ndalama yatsopanoyo imakweza banki ndi thumba lomangidwa mofanana, dzenje limakhala pomwepo. Limadzaonekera pulojekiti ikamatha, dona akafuna zotsala zake, kapena akachedwetsa gawo limodzi. Dzenje la thumba lomasuka limakwiririka ndi ndalama zomasuka zokha: zobwereketsa holo, zopereka za mamembala, ntchito za upangiri zomwe bungwe lagulitsa, mphatso yopanda malamulo, kapena ovahedi yomwe yaposa zowonongera ofesi. Ndipo musanayambe kukwirira, lekani kukumba. Thumba lolandira K900,000 pamwezi n'kumatulutsa yoposa K2,500,000 silingabweze ngongole iliyonse.

Bodi itakhala pansi ndi tebulo la madanga lija, inagwirizana zolemetsa. Antchito awiri aja anapatsidwa notisi motsata lamulo la ntchito, ndipo zowalipira pochoka tinaziwerengera pa dzenjelo, poti nazonso ndi za thumba lomasuka. Theka la nyumba ya ofesi analibwereketsa kwa bungwe lina. Malisiti a C anatumizidwa sabata yomweyo, m'malo modikira kutha kwa chaka monga ankaganizira. Pa maadivansi anaika lamulo lakuti malisiti abwere pasanathe masiku asanu ndi awiri munthu atabwerako kumudzi, ndipo wosabweza yakale asapatsidwe yatsopano.

Chovuta kwambiri chinali kuuza madona. Dayirekita ankafuna kudikira mpaka atabweza. Ndinawauza kuti, "Amayi, odita wa A akubwera mu Febuluwale, ndipo chinthu choyamba adzapempha ndi sitetimenti ya banki ya mwezi ndi mwezi. Adzaona yekha kuti mu Seputembala akaunti inatsika kuposa zotsala zake. Ndi bwino amve kwa inu." Kalata yopita kwa madona inanena kuchuluka kwa ndalama zomwe zinatengedwa, chomwe zinagwira, ndi ndondomeko yobwezera mwezi ndi mwezi. Sindingalonjeze kuti dona aliyense adzamvetsa, ena amaimitsa ndalama pomwepo. A anayankha polamula kuti ndalama zake zisamukire mu akaunti yakeyake.

Akaunti yapadera imathandiza, chifukwa kuti mutengemo ndalama mpaka anthu awiri asaine, ndipo zimaoneka. Koma siithetsa zonse. Malipiro amatulukabe mu akaunti yaikulu, ndiye mwezi uliwonse pamafunika kuwerengera gawo la pulojekiti n'kulisamutsa, pamodzi ndi ovahedi yake. Ndaonapo bungwe lomwe vuto lake linali losemphana ndi ili: ofesi ikulephera kugula mayunitsi a magetsi, pomwe ovahedi ya miyezi isanu ndi itatu ili phee mu akaunti ya pulojekiti, palibe anaisamutsa.

Chomwe ndinasiyira wowerengera ndalama wa bungwe lija ndi tsamba limodzi loti azidzaza pofika pa 10 mwezi uliwonse. Kumanzere banki, kabokosi, maadivansi ndi ngongole zoyembekezera, kuchotsa misonkho, penshoni ndi mainvoyisi osalipidwa. Kumanja zotsala za dona aliyense pa mzere wake. Pansi, kusiyana kwa mbali ziwirizo, komwe kuyenera kufanana ndi danga la thumba lomasuka m'mabuku. Dayirekita amasaina tsambalo asanavomereze malipiro a mwezi umenewo, ndipo pa vocha iliyonse anawonjezerapo kabokosi kolembamo dzina la thumba, koti kakakhala kopanda kanthu cheke sichilembedwa.